Yankho n'loona, nanga aphunzitsi athetheranji?

Pa thirayango ABC, mbali AB ndi AC n'zofanana. Funso likuti: tsimikizani kuti ngodya B ikufanana ndi ngodya C.

Wophunzira ajambula mzere AD wogawa BC pakati. Kenako alemba kuti mathirayango ABD ndi ACD ndi ofanana chifukwa AB = AC, BD = DC, komanso B = C. Apa ndiye pagona vuto. Zoti B = C ndiye mlandu womwe ukuzengedwa, ndipo woimbidwa mlandu sangadzichitire yekha umboni. Njira yotereyi ikanaloledwa, ngakhale bodza likanatsimikizika.

Komatu umboni unali pafupi. Mzere AD uli m'mathirayango onse awiri, choncho mbali zitatu zikufanana, mathirayangowo ndi ofanana, ndipo B = C ikutulukira yokha pamapeto.