Bolodi yoyamba: gulani ya ntchito yanu, osati yotchuka

Tiyerekeze kuti mukufuna kachipangizo kokuuzani kuti madzi atsala pang'ono kutha m'thanki ya pakhomo. Ntchitoyi sifuna kompyuta yaikulu. Imangofuna kabolodi kokwana m'dzanja, kokhala ndi kachipu kamene mumakalembera malamulo, nako n'kumawatsatira usana ndi usiku. Funso ndi lakuti: ndi ndalama zochepa, mugule kati?

Mabolodi atatu ndiwo amatchulidwa kwambiri. Yoyamba ndi Arduino Uno, ya banja lomwe linayambira ku Ivrea, m'dziko la Italy, mu 2005. Ili ndi kachipu ka ATmega328P ndipo imayendera mavoti 5. Yachiwiri ndi ESP32 ya kampani ya Espressif ya ku China, yomwe imalumikizana ndi intaneti popanda chingwe. Yachitatu ndi Raspberry Pi Pico, yomwe inatuluka mu 2021 pa mtengo wa madola 4. Ziwiri zomalizazi ndi zamphamvu kuposa Uno, koma mapini ake amayendera mavoti 3.3.

Kusiyana kwa mavotiku n'kumene kumathetsa nkhani ya thanki. Sensa yotchipa yoyezera mtunda, HC-SR04, imaikidwa pamwamba pa thanki. Imaponya kaphokoso kosamveka ndi khutu, n'kudikira kuti kabwerere kakagunda madzi. Mukagawa ndi 58 mamaikirosekondi omwe kaphokosoko katenga, mumapeza masentimita: 2,900 ndiye kuti madzi ali masentimita 50 kuchokera pa sensa. Koma yankho la sensayi limatuluka pa mavoti 5. Pa Uno mumangolumikiza mawaya anayi basi. Pa ESP32 kapena Pico muyenera kuika marezisita awiri otsitsa mavotiwo, apo ayi pini ikhoza kupsa. Choncho ngati mukungofuna kababu koyaka madzi akachepa, tengani Uno. ESP32 idzafunika tsiku lomwe mudzafune kuti uthenga uzifika pafoni.

Pulani ya Uno ndi yotseguka kwa aliyense, n'chifukwa chake makampani ena amapanga zofanana nayo pa mtengo wotsika. Zimenezi zimagwira ntchito bwino ndithu, ndipo wophunzira akawotcha imodzi salira kwambiri. Ndalama yotsala isungireni zinthu zomwe ambiri amaiwala: chingwe cha USB, bolodi ya timabowo yolumikizira popanda kuwotcherera, mawaya, timababu ndi marezisita a maomu 220 otetezera timababuto. Pampu musailumikize ku pini mwachindunji. Pini ya Uno imayenera kupereka mamiliampu 20 okha, ndiye pampu imafuna rilei ndi magetsi akeake.

Bolodi siyenda yokha. Pamafunika mapulogalamu atatu: lolembera malamulo, lowasandutsa chinenero cha kachipu, ndi lowatumiza kudzera pa chingwe. Arduino IDE ili ndi onse atatu, ndipo ndi yaulere pa Windows, Linux ndi macOS. Kwa amene amagula bandulo ya intaneti mowerengera, ubwino wina ndi wakuti zofunikira za Uno zikangolowa m'kompyuta mumagwira ntchito popanda intaneti, pamene ESP32 imafuna kutsitsa mafayilo ena aakulu ndithu. Amene amadziwa kale Python angakonde Pico, chifukwa imamva MicroPython kudzera mu pulogalamu yaulere ya Thonny.

Musanalumikize sensa, yesani bolodi yokha. Sankhani dzina lake pa `Tools > Board`, sankhaninso pomwe yalumikizidwa pa `Tools > Port`, kenako tumizani izi:

```
void setup() {
  pinMode(13, OUTPUT);
}
void loop() {
  digitalWrite(13, HIGH);
  delay(200);
  digitalWrite(13, LOW);
  delay(200);
}
```

Kababu ka pabolodi kolembedwa L kayenera kuphethira mofulumira. Taika 200 mwadala, chifukwa mabolodi ambiri amabwera akuphethira kale pang'onopang'ono, ndiye liwiro latsopano ndilo umboni wakuti malamulo anu afika.

Zikakanika, vuto limakhala pa malo ochepa odziwika. Ngati bolodi yayaka koma pa `Port` sikuoneka, yambani mwakayikira chingwe, pakuti zina n'zotchajira zokha ndipo zilibe mawaya otumizira uthenga. Chingwe chikakhala chabwino, onani kachipu kali pafupi ndi polowera USB. Kakalembedwa CH340, monga zimakhalira pa mabolodi ambiri otchipa, kompyuta ingafune dalaiva wake, yemwenso ndi waulere. Mukaona uthenga wakuti `programmer is not responding`, kawirikawiri mwasankha bolodi kapena `Port` yolakwika, kapena pali waya pa pini 0 kapena 1, omwe Uno imalandirirapo malamulo. Zulani wayawo, tumizaninso.

Dziwaninso malire. Uno ili ndi makilobaiti 32 osungira pulogalamu ndi makilobaiti 2 okha ogwirira ntchito. N'zokwanira thanki, alamu ya pakhomo kapena fani yoyaka kukatentha, koma zithunzi ndi mawu ojambulidwa sizingakwane. Mukadzafika pamalire amenewo, sinthani bolodi. Arduino IDE yomweyo imalemberanso ESP32 ndi Pico, ndiye zambiri zomwe mwaphunzira mudzasamuka nazo.