Khoma likang'aluka, muwalembere chiyani eni nyumba?

Eni nyumba ambiri akamva kuti khoma lang'aluka amatumiza mnyamata ndi kajumbo ka simenti. Mnyamatayo amakanda simentiyo ndi madzi, n'kuipaka pamwamba pa mng'alu ndi chala, n'kumapita. Mvula ikangodutsa kamodzi, mng'alu uja umabwerera pamalo pake pomwepo, ndipo tsopano umakhala ndi chipsera chakuda m'mbali mwake. Si nthawi zonse pamene eni nyumba amachita izi chifukwa cha kuumira. Kawirikawiri uthenga umene anaulandira unali wa mawu awiri okha, akuti "khoma lang'aluka", ndipo pa mawu awiriwo munthu sangadziwe ngati kukufunika kapaketi ka zomatira kapena mmisiri woti akaone maziko.

N'chifukwa chake wochita lendi amafunika kulemba kalata, ndipo asanailembe ayambe waliyang'anitsitsa khomalo. Ming'alu imene imaoneka pa pulasitala siyofanana, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mankhwala ake.

Pali ming'alu yopyapyala ngati tsitsi, yoyenda uku ndi uku n'kumakumana, yosafika milimita imodzi. Imeneyi imakhala ya pulasitala yekha. Imabwera pamene pulasitala anauma msanga padzuwa osathiriridwa madzi, kapena pamene mchenga unali ndi dothi lambiri, monga umakhalira mchenga wina wa kudambo. Dothi limamwa madzi ambiri pokanda, ndiye pouma pulasitala amafota n'kung'ambika. Ming'alu yotere imangoipitsa maonekedwe. Mukaipala pang'ono, kuimata ndi ufa womatira ming'alu wa m'mahadiweya, umene ambiri amangoutcha Polyfilla, n'kupaka penti, nkhani yatha.

Mtundu wachiwiri umadziwika ndi khutu. Tengani supuni kapena kiyi mugogode khoma mozungulira mng'alu. Pamene pulasitala wagwira njerwa pamamveka mawu olimba, koma pamene wasiyana nazo pamalira phuphuphu, ngati muli mphako. Izi zimachitika kwambiri m'nyumba zomangidwa ndi njerwa zootcha koma zomangira dothi m'malo mwa simenti, zimene zili zambiri m'makwalala a ku Ndirande, Kawale ndi madera ena otere. Zimachitikanso pamene khoma limamwa chinyezi kuchokera pansi, ndipo chizindikiro chake ndi penti wotupa komanso ufa woyera ngati mchere m'munsi mwa khoma. Apa kumata mng'alu n'kutaya ndalama, chifukwa chigamba chonsecho chikuyembekezera kugwa. Chimafunika kugumulidwa n'kupakidwa chatsopano.

Mtundu wachitatu ndi umene suyenera kuchedwetsedwa. Ndi mng'alu woyenda chopingasa, nthawi zambiri kuchokera pa ngodya ya zenera kapena ya chitseko, kapena wokwera ngati masitepe motsata mizere ya njerwa. Ukamaonekanso kunja pamalo omwewo, ndiye kuti wadutsa khoma lonse. Chitseko chapafupi chikayamba kukhula pansi kapena kukana kutsekeka, ndi umboni wina woti khoma lasuntha. Gwero lake limakhala pansi: dothi la makande limene limatupa m'dzinja n'kufota m'chilimwe, madzi a padenga ogwera m'tsinde mwa khoma, paipi yodontha, kapena mtengo waukulu woyandikira nyumba. Amisiri amati mng'alu ukapitirira mamilimita 5 m'lifupi, kapena ukamakulirakulira, uyenera kuonedwa ndi wodziwa za zomangamanga usanamatidwe.

Poyeza simufunika chida chapadera. Kamtengo ka machesi kamakhala pafupifupi mamilimita 2 kunenepa kwake, ndipo pensulo wamba pafupifupi mamilimita 7. Onani chimene chikulowa. Kenaka lembani kamzere ka pensulo pamene mng'alu wathera mbali zonse ziwiri, ndi deti pambali pake. Pakapita milungu iwiri kapena itatu mudzaona ngati wadutsa kamzereko. Jambulaninso chithunzi pa foni, kamtengo ka machesi kali pomwepo, kuti woona chithunzicho adziwe kukula kwake.

Tiyerekeze banja limene likuchita lendi nyumba ya zipinda ziwiri. Kuchipinda chogona kuli mng'alu wochokera pa zenera, ndipo pansi pake pulasitala akulira mphako. Mwini nyumba ndi bambo wachikulire amene amakhala kutali. Kalata yawo ingakhale yotere:

"Bambo, tikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mayi kunyumbako. Ife kuno tili bwino. Ndalemba kuti ndikudziwitseni za khoma la kuchipinda chogona, la mbali ya kumsewu. Pali mng'alu wochokera pa ngodya ya m'munsi ya zenera, wotsika chopingasa, wotalika pafupifupi masentimita 80. Kamtengo ka machesi kakulowa, koma pensulo sakulowa. Ukuonekanso kunja pamalo omwewo. Tinayamba kuuona mvula itayamba, ndipo ndinaika chizindikiro pa 3 Febuluwale; kufika lero wapitirira chizindikirocho ndi masentimita 4. Pansi pa zeneralo pulasitala akulira mphako pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita ndi theka m'lifupi, ndipo penti watupa. Kunja, madzi a padenga amagwera m'tsinde mwa khomalo chifukwa simenti ya m'mbali mwa nyumba inasweka.

"Ndikupempha kuti mutumize mmisiri adzaone mng'aluwo asanaumate. Pokonza pulasitala pafunika thumba limodzi la simenti, wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje wosefa, waya wa nkhuku mita imodzi ndi theka, timisomali togwirira wayayo, ndi penti wa madzi wofanana ndi amene alipoyu. Simenti yotsala ingakonzere malo osweka kunjako, pamodzi ndi mchenga ndi timiyala timene mmisiri anganene. Ine sindigwirapo kanthu musanandiyankhe. Ngati mungakonde kuti ndigule ndine zipangizozi n'kudzachotsera pa lendi, chonde mundilembere zimenezo, ndipo ndidzasunga malisiti onse. Loweruka lililonse ndimakhala pakhomo. Zithunzi ndatumiza pa foni yanu. Ndine mwana wanu wa m'nyumba yanu."

Kalatayi ilibe mawu onena kuti nyumbayo inamangidwa mwachinyengo, ngakhale mwina ndi zoona. Ine ndimaona kuti kuwasiya mawu amenewo n'kwanzeru, chifukwa mwini nyumba akayamba kudziteteza nkhani imachoka pa khoma n'kupita pa ulemu, ndipo mapeto ake amakhala akuti "ngati simukuifuna nyumbayo tulukani". Miyeso ndi madeti sizimukhumudwitsa munthu, komanso n'zovuta kuzikana. Tsiku lotuluka m'nyumbamo, pamene nkhani ya dipoziti yavuta, kope la kalata yomweyi ndi limene lidzasonyeze kuti mng'alu sunabwere chifukwa cha misomali yanu yopachikira zithunzi. Choncho lembani deti pamwamba, ndipo sungani kope kapena chithunzi chake.

Za kuchotsera pa lendi muzisamale. Anthu ambiri amagula simenti, kuitana mmisiri, kenaka mwezi ukatha n'kupereka lendi yoperewera, mwini nyumba n'kunena kuti sanatume munthu. Yambani mwaona zimene pangano lanu la lendi likunena pa zokonzakonza. Mapangano ambiri amaika makoma, denga ndi maziko m'manja mwa mwini nyumba, n'kusiyira wochita lendi tinthu ting'onoting'ono ndi zimene waononga yekha. Ngati munangogwirizana pakamwa, ndiye kuti yankho lolembedwa likufunika koposa, ngakhale litakhala uthenga wa pa foni.

Zipangizo zimene zatchulidwa m'kalatamo zili ndi masamu ake. Pulasitala amapakidwa monenepa mamilimita 10 mpaka 15. Chigamba cha mita ndi mita ndi theka chimadya matope osapitirira malita 25, kutanthauza mchenga wa ndowa imodzi ndi theka ya malita 20, kuphatikizapo wotayika. Posakaniza muyeso umodzi wa simenti ku miyeso isanu ya mchenga, simenti yofunika ndi malita 6, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 9. Thumba la makilogalamu 50 likwanira n'kutsala yambiri. Wopempha matumba atatu pa ntchito yotere amangodzichotsera chikhulupiriro.

Ambiri amaganiza kuti kuchulutsa simenti n'kulimbitsa. Pa chigamba sizitero. Matope a simenti yambiri amafota kwambiri pouma ndipo amauma gwa kuposa khoma lozungulira, makamaka la njerwa zofewa, ndiye amang'ambika m'mphepete n'kusiyana ndi pulasitala wakale. Simenti yosasakaniza ndi mchenga, ija ya mnyamata wa kajumbo, ndiye imafota koposa. Mchenga nawo uyesedwe: thirani mchenga m'botolo loonekera mkati, onjezani madzi, khutchumulani, n'kulisiya usiku wonse. Dothi limakhala pamwamba pa mchenga ngati kamzere kosiyana mtundu. Kamzereko kakakhala kokhuthala, mchengawo ngwosayenera pulasitala. Simenti yoti yaundana m'thumba, yosaphwanyika ndi zala, yamwa chinyezi ndipo yatha mphamvu.

Mmisiri akabwera, wochita lendi ndiye amakhala pakhomo, kotero ndi bwino kudziwa ntchito yabwino imayenda bwanji. Amagumula pulasitala yense wolira mphako mpaka pofika polimba, ndipo mng'alu amaukulitsa ndi tchizulo kuti matope alowe mkati. Amasesa fumbi lonse, n'kunyowetsa njerwa kuti zisamwe madzi a m'matope. Akadzaza mng'alu amakhomera waya wa nkhuku modutsa pamwamba pake, masentimita 15 kapena kuposerapo mbali iliyonse, kenaka n'kupaka pulasitala. Matope okandidwa agwiritsidwe ntchito asanathe maola awiri, ndipo oyamba kuuma asawonjezeredwe madzi. Chigambacho chizinyowetsedwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera atatu, kufika sabata ngati kukutentha, ndipo ntchito imeneyi nthawi zambiri imatsalira inu. Penti adikire milungu itatu kapena inayi; akapakidwa pa pulasitala wosauma amatupa n'kusupuka.

Waya wa nkhuku ali ndi malire ake. Amaletsa pulasitala kung'ambikanso pamene khoma laleka kusuntha, koma sangagwire maziko amene akutsikabe. M'chitsanzo chathu chija mng'alu unakula masentimita 4 m'nyengo ya mvula, choncho choyamba kukonza ndi kunja: kutseka malo osweka m'tsinde mwa khoma ndi kukumba kangalande kochotsa madzi a padenga. Mng'alu weniweniwo ndi bwino kuumata mvula itatha, cha mu Meyi kapena Juni, zizindikiro za pensulo zikasonyeza kuti waima. Koma ngati ukukula sabata ndi sabata, pensulo yayamba kulowa, kapena khoma layamba kupendekera kunja, musadikire yankho la kalata. Chotsani bedi ndi ana m'chipindamo tsiku lomwelo, imbirani eni nyumba, ndipo ngati sakuchitapo kanthu kadziwitseni ofesi yoona za zomangamanga ku khonsolo ya mzinda kapena ya boma lanu.