Maola awiri ophunzitsa achinyamata kuwerenga manambala a kanema pa foni

Mukafunsa mnyamata amene amaika makanema pa intaneti kuti kanema wake akuyenda bwanji, amakuyankhani ndi nambala imodzi basi: “Wafika pa 1,200.” Akunena za nambala ya *Views*, ija imaoneka pansi pa kanema, imene aliyense amaiona. Nambalayi imangosonyeza kuti kanemayo anatsegulidwa kangati. Za kuti anthuwo anakhala naye nthawi yaitali bwanji, anamusiyira pati, kapena anamupeza bwanji, siinenapo kanthu. Mayankho a mafunso amenewa ali m'foni momwemo, ndipo ndondomeko ya phunziro imene ndikufotokozayi ndi yothandiza gulu la achinyamata pafupifupi makumi awiri kuwapeza m'maola awiri.

Ndimagwiritsa ntchito YouTube Studio, pulogalamu yaulere imene imaikidwa payokha, yosiyana ndi YouTube yoonerapo makanema. TikTok ndi Facebook nazonso zili ndi manambala ofanana ndi amenewa, koma kuphunzitsa zitatu tsiku limodzi kumangosokoneza anthu. Wodziwa kuwerenga pamodzi savutika akapita kwinako.

Kukonzekera kumayamba dzulo lake. Mphunzitsi auze ophunzira kuti aikiretu pulogalamuyi ndi kulowamo akadali kunyumba, chifukwa theka la ola limatha msanga pamene wina akufunafuna mawu achinsinsi amene anaiwala. Iye mwini ajambuliretu zithunzi za sikirini zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zosonyeza manambala a makanema awiri, n'kuzisunga m'foni. Netiweki ikavuta kapena bandulo ikatha, phunziro limapitirira ndi zithunzizo. Pafunikanso bolodi, choko, kasipika kakang'ono, ndi malo otchajira mafoni. Amene alibe tchanelo akhale ndi mnzake amene ali nayo, koma foni ikhalebe m'manja mwa mwini wake, ndipo pasakhale kuuzana mawu achinsinsi.

Mphindi makumi awiri ndi zisanu zoyambirira, mafoni onse akhale m'matumba. Ophunzira onse aimirire. Mphunzitsi awaonetse kanema wa mphindi zinayi, n'kuwauza kuti: “Pamene ukanasiya kuonera ukanakhala wekha kunyumba, khala pansi, ndipo usadzukenso.” Mmodzi agwire wotchi, azifuula pakatha masekondi 30 aliwonse, wina aziwerenga amene adakali chilili n'kulemba pa bolodi. Kanemayo asakhale wa wophunzira aliyense m'chipindamo, chifukwa kuona anzako akukhala pansi pa ntchito yako n'kowawa, ndipo mwini wakeyo sangamvenso zina zonse za tsikulo.

Tiyerekeze kuti poyamba anaima anthu 20. Pa masekondi 30 atsala 12, pa mphindi imodzi atsala 9, pa mphindi ziwiri 8, pomaliza 6. Mphunzitsi alembe nthawi cham'munsi mwa bolodi, chiwerengero cha anthu cham'mbali, aike madontho, kenako awalumikize. Pamatuluka mzere wotsika kwambiri koyambirira, kenako n'kumatsetsereka pang'onopang'ono. Tsopano afunse amene anakhala pansi msanga aja chimene chinawakhazika. Mayankho ake amakhala achindunji. Wina amati malonje anatalika, wina amati mawu samamveka chifukwa cha mphepo, wina amati anadikira mpaka kutopa osaona chimene mutu wa kanema unalonjeza. Mzere wapabolodiwu ndi womwewo umene pulogalamu imautcha *Audience retention*. Ophunzira akadzauona pa foni amauzindikira nthawi yomweyo, chifukwa anaujambula okha ndi miyendo yawo. Gawo ili sindilidumpha ngakhale nthawi itachepa bwanji.

Zikatero mafoni atuluke. Aliyense atsegule pulogalamu, adine *Content*, asankhe kanema mmodzi, n'kulowa pa manambala ake. Pamwamba pamakhala timagawo totchedwa *Overview*, *Reach*, *Engagement* ndi *Audience*. Maina ndi malo a zinthuzi amasinthasintha pulogalamu ikakonzedwanso, choncho mphunzitsi ayang'aniretu pa foni yake m'mawa wa tsikulo. Manambala ndi ambiri, koma lero tikufuna atatu okha: *Views*, *Watch time*, imene ndi maola onse amene anthu athera pa kanemayo mukawaphatikiza, ndi *Average view duration*, imene ndi nthawi imene woonera mmodzi amakhala mukagawa mofanana. Aliyense awalembe m'kope pamodzi ndi kutalika kwa kanema wake. Ayang'anenso masiku amene manambalawo akunena, pakuti tsamba la tchanelo yonse limakonda kuonetsa masiku 28 apitawa, ndipo amene sanaone zimenezi amadabwa kuti anthu ake apita kuti.

Pakati pa phunziro pamabwera chitsanzo chowerengera limodzi, ndipo chimafuna theka la ola lathunthu. Tiyerekeze mtsikana amene anajambula makanema awiri, aliyense wa mphindi zinayi, kapena kuti masekondi 240. Woyamba ndi wa kaphikidwe ka zitumbuwa, ali ndi *Views* 1,200 ndipo *Average view duration* yake ndi 0:36. Wachiwiri ndi wa kapangidwe ka mbaula yadothi, ali ndi *Views* 400 ndipo nthawi yake ndi 2:24. Mphunzitsi afunse kuti wachita bwino ndi uti. Ambiri amakweza manja pa zitumbuwa.

Ndiye awerengere pa bolodi. Masekondi 36 kuchulukitsa ndi 1,200 ndi masekondi 43,200, amene ndi maola 12. Mphindi ziwiri ndi masekondi 24 ndi masekondi 144, ndipo kuchulukitsa ndi 400 kumapereka 57,600, amene ndi maola 16. Kanema wa anthu ochepa uja waonedwa maola ambiri kuposa mnzake. Palinso njira ina yoonera. Masekondi 36 mwa 240 ndi magawo 15 pa 100 aliwonse a kanemayo, pamene 144 mwa 240 ndi magawo 60 pa 100. Anthu a zitumbuwa anasuzumira n'kupita, anthu a mbaula anakhala pansi n'kuphunzira. Kugawa kumeneku n'kofunika chifukwa masekondi 36 pa kanema wa masekondi 40 ndi abwino kwambiri, pamene pa kanema wa mphindi zinayi ndi ochepa. Nambala ya nthawi imamveka pokhapokha ukaiika pafupi ndi kutalika kwa kanemayo.

Funso lotsatira limabwera lokha: nanga anthu 1,200 aja anachokera kuti? Yankho lili pa *Reach*. Pamenepo pali *Impressions*, kutanthauza maulendo amene YouTube inaonetsa anthu kachithunzi ka kanemayo, ndi *Impressions click-through rate*, kutanthauza kuti mwa maulendo 100 aliwonse amene kachithunziko kanaoneka, anthu anadina kangati. M'chitsanzo chathu kachithunzi ka zitumbuwa kanaoneka maulendo 5,000, ndipo anthu anadina 4 pa 100 aliwonse, kutanthauza maulendo 200. Wophunzira watcheru amaona msanga kuti 200 si 1,200. Otsalawo analowera pa zipata zina, ndipo pa mndandanda wa kumene oonera akuchokera pamaoneka mawu akuti *External*, pansi pake WhatsApp. Mtsikanayo anatumiza linki ku magulu a kutchalitchi, a kusukulu ndi a kubanja. Achibale anadina posonyeza chikondi, anaona nkhope yake, n'kutseka kuti asunge bandulo. Linki yotumizidwa pa WhatsApp siiwerengedwa pa *Impressions*, n'chifukwa chake manambala awiriwa sakugwirizana. Palibe cholakwika kutumizira achibale, koma ophunzira adziwe kuti nambala yokwera motero siinena zambiri za ubwino wa kanemayo. Kwa amene akudandaula kuti 4 pa 100 ndi wochepa, YouTube yomwe imanena kuti theka la matchanelo ndi makanema onse limakhala pakati pa 2 ndi 10 pa 100.

Kenako ophunzira akhale awiriawiri kwa mphindi makumi awiri ndi zisanu, aliyense ndi kanema wake weniweni. Ntchito yake ndi imodzi: kupeza pa mzere wa *Audience retention* pamene pali phompho lalikulu, kulemba nthawi yake, n'kukaonera kanemayo pamalo omwewo kuyambira masekondi khumi m'mbuyo. Mwini kanema akhale chete, mnzakeyo ndiye anene chimene waona. Mzere ukagwa m'masekondi 30 oyambirira, kawirikawiri vuto ndi chiyambi, kapena mutu unalonjeza zina pamene kanema akuonetsa zina. Ukagwa pakati, pali pamene nkhani inaima kapena mawu anazimirira. Ukakwera pang'ono ngati kachulu, ndiye kuti anthu anabwereza pamenepo. Mwina anapakonda, mwinanso sanamve bwino n'kubwerera kuti amvetse, ndipo foni siingasiyanitse ziwirizi. Amasiyanitsa ndi munthu amene waonera ndi kumvetsera.

Apa mphunzitsi azizungulira, chifukwa zolakwika zimachitikira pano. Wina amatsegula kanema amene waika m'mawa womwewo n'kupeza kuti mzere palibe. Manambala amenewa amatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti akonzeke, choncho asankhe kanema amene wathako sabata. Wina ali ndi oonera 15 okha ndipo akufuna kumanga mfundo pa iwo, pamene anthu atatu akachoka mwa 15, mzere umagwa ndi magawo 20 pa 100 popanda chifukwa chenicheni. Pulogalamu yomweyo siilozera malo ofunika pa mzerewu ngati kanema sanafike masekondi 60 ndi *Views* 100, ndipo malire amenewa ndi abwino kuwatsatira m'kalasi. Wina amayerekeza kanema wamfupi wa *Shorts* ndi kanema wautali. Kuyambira pa 31 Malichi 2025, YouTube imawerenga *Shorts* nthawi iliyonse kanema akangoyamba kapena kubwerezedwa, ngakhale munthu atangodutsa, choncho nambala yake imakwera msanga. Pa makanema otere ndi bwino kuyang'ana *Engaged views*.

Mphindi khumi ndi zisanu zomaliza, aliyense alembe m'kope chiganizo chimodzi chokhala ndi zigawo zitatu: chimene waona, chimene akuganiza kuti chinachititsa, ndi chinthu chimodzi chimene asinthe. Cha mtsikana wa zitumbuwa chingakhale chotere: “Anthu oposa theka anachoka masekondi 20 asanakwane, ndikuganiza kuti n'chifukwa ndinayamba ndi malonje ndi kupempha anthu kuti anditsatire, choncho kanema wotsatira ndiyamba ndi chitumbuwa chili m'mafuta.” Mphunzitsi akane ziganizo zonga “ndilimbikira kwambiri”, chifukwa palibe nambala imene ingatsimikize zimenezo. Akanenso kusintha zinthu zitatu nthawi imodzi. Munthu akasintha mutu, kachithunzi ndi chiyambi pamodzi, manambala n'kukwera, sadzadziwa chimene chathandiza.

Asanabalalike, aliyense ajambule sikirini ya mzere wa kanema wake wa lero n'kuisunga. Gulu lidzakumanenso pakatha masabata awiri, aliyense ali ndi kanema watsopano wotalika mofanana ndi wakaleyo, amene wakhala pa intaneti masiku osachepera asanu ndi awiri, kuti mizere iwiriyo idzaikidwe pamodzi n'kuona anthu amene atsala pa masekondi 30.