Namwino wofuna kukagwira ntchito ku Britain ayambire ku Lilongwe

Namwino angakhale ndi digiri ya ku KUHeS ndi zaka khumi za ntchito m'wodi ya chipatala chachikulu, koma akatera ku Britain saloledwa kugwira ntchito ngati namwino wovomerezeka mpaka dzina lake litalowa m'kaundula wa bungwe la Nursing and Midwifery Council, lomwe ambiri amangoti NMC. Bungweli ndi lomwe limapereka nambala yotchedwa PIN, ndipo wopanda nambalayi amagwira ntchito ngati wothandizira chabe, pa malipiro otsika. Ntchito yaikulu yopezera nambalayi imachitika munthu akadali kuno kumudzi, ndipo ambiri amene amakakamira pa njira amakhala kuti anasokoneza kayambidwe.

Kalata yofunsira imalembedwa pa intaneti. Munthu amatsekula akaunti ku NMC, n'kuikapo pasipoti, satifiketi ya maphunziro ndi umboni woti analembetsedwa kwawo, kenako n'kulipira mapaundi 140, malinga ndi mitengo ya mu 2024. A NMC sakhulupirira mapepala okhaokha. Amalembera bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi ku Lilongwe kuti litsimikize lokha kuti munthuyo ali m'kaundula, pa mlingo wanji, ndiponso ngati alibe mlandu. Choncho amene anasiya kulipira laisensi yake ayambe wakonza zimenezo, ndipo akangotumiza pempho azilondola yekha ku Lilongwe kuti yankho lipite. Fayilo imene ikudikira yankho la kwanu siyenda, ngakhale mutawalembera a NMC maimelo angati.

Apa ndi pamene nkhani ya mlingo imapweteka. Kaundula wa anamwino ku Britain amalandira anthu ochokera kunja amene maphunziro awo anawafikitsa pa mlingo woyamba kwawo, womwe kuno timati Registered Nurse. Anzathu a NMT, amene anaphunzira zaka zitatu m'makoleji a CHAM ndipo ndi amene asenza zipatala zambiri za kumidzi, ali pa mlingo wotsikirapo m'kaundula wathu. Luso lawo palibe angalikane, koma bungwe limayang'ana mlingo wolembedwa, ndiye njira yanzeru kwa iwo ndi kukweza kaye maphunziro kuno asanataye ndalama pa mayeso. Chinanso, ife timaphunzira unamwino ndi uzamba pamodzi, pomwe uko ndi zigawo ziwiri zosiyana za kaundula, chilichonse ndi mayeso ake. Munthu amasankha chimodzi, ndipo amene anaphunzira unamwino wa matenda onse nthawi zambiri amalowera ku gawo losamalira akuluakulu.

Dzina nalo limachedwetsa anthu. Mayi amene satifiketi yake ili ndi dzina la bambo ake, pasipoti n'kukhala ndi la amuna ake, akonzeretu mtchatho kapena chikalata chovomerezeka chosonyeza kuti ndi munthu mmodzi.

Tsopano Chingerezi. Zimawawa kumva kuti munthu amene waphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5 akayesedwenso, koma Malawi sali pa mndandanda wa NMC wa maiko amene anthu ambiri amalankhula Chingerezi, ndiye kwa woyambira kuno palibe kozembera. Pa mayeso a IELTS Academic pamafunika 7.0 pa kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Pa OET, yemwe mafunso ake ndi a zachipatala, pamafunika B pa zitatuzo ndi C+ pa kulemba. Kuyambira 2023 ndi kololedwa kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri olembedwa mkati mwa miyezi 12, bola pasakhale gawo limene latsika kupitirira theka la maliki pansi pa mlingo wofunikawo.

Tiyerekeze namwino wa ku Mzimba amene walemba IELTS mu Malichi, n'kupeza 7.0 pa zonse kupatula kulemba komwe wapeza 6.0. Abwereza mu Ogasiti, kulemba kwakwera kufika 6.5, koma tsiku limenelo lilime lamuterera ndipo kulankhula kwatsika kufika 6.5. Akayang'ana pepala lililonse palokha, walephera kawiri. Akawaphatikiza wakhoza, chifukwa gawo lililonse lafika pa mlingo kamodzi ndipo palibe limene lagwa kwambiri. Chikhala kuti mu Malichi muja anapeza 5.5 pa kulemba, pepala lonselo silikanawerengedwa. Anthu ambiri amalipira ulendo wachitatu asanakhale pansi n'kuwerengera motere.

NMC ikavomera mapepala, pamabwera mayeso a pa kompyuta otchedwa CBT, amene amalembedwa m'malo a Pearson VUE pa mtengo wa mapaundi 83. Gawo loyamba ndi masamu a mankhwala, mafunso 15 m'mphindi 30: dokotala walamula 500 mg, botolo lili ndi 250 mg mu 5 ml, mupereka bwanji? Yankho ndi 10 ml, ndipo namwino aliyense wa kuno amachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Gawo lachiwiri lili ndi mafunso 100 m'maola awiri ndi theka, ndipo limagwetsa anthu aluso chifukwa limafunsa kachitidwe ka uko, monga kupempha chilolezo cha wodwala, kusunga chinsinsi ndi kuteteza okalamba ku nkhanza. Woyankha malinga ndi mmene timapangira mankhwala akasowa m'wodi amaphonya.

Mayeso otsiriza, OSCE, amachitikira ku Britain kokha, pa mapaundi 794. Munthu amadutsa m'malo khumi, kusamalira wodwala woyerekeza ndi kulemba m'mafomu awo woyesa akuyang'ana. Mwayi ulipo katatu, ndipo wolephera katatu konse amadikira miyezi isanu ndi umodzi. Tikaonjezera mapaundi 153 olowera m'kaundula, zonse za NMC zimakwana 1,170, osawerengera Chingerezi, viza ndi ndege. Zipatala zambiri za NHS zimalipira OSCE kapena kubweza zina mwa ndalamazi, koma werengani bwino mgwirizano, chifukwa wosiya ntchito msanga amauzidwa kuti abweze.

Chimene ndimaona kuti anthu sachilabadira ndi masiku. Zotsatira za Chingerezi zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndipo CBT ndi OSCE ziyenera kukhozedwa mkati mwa zaka ziwiri. Namwino wa ku Mzimba uja akadalira pepala la Malichi, zaka ziwirizo zayamba kale kutha. Akatha chaka ndi theka akusaka ntchito, angakhoze OSCE koma Chingerezi chitaola. Kwa ine, nzeru ndi kuyamba ndi zimene sizitha ntchito, laisensi, maina ndi masatifiketi, kenako Chingerezi ndi CBT motsatana, munthu atakonzeka kufunsira ntchito nthawi yomweyo. Chikalata cha ku polisi ndi cha dokotala zitengedwe kumapeto.

Kusaka ntchitoko kuli ndi vuto lakelake. Malawi, monganso Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, ili pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa maiko 55 amene ali ndi ogwira ntchito zaumoyo ochepa kwambiri, ndipo Britain imaletsa zipatala ndi makampani olemba anthu ntchito kudzakopa anamwino m'maiko amenewa. Namwino saletsedwa kupita, koma ayenera kufunsira yekha, mwachindunji, ku chipatala chimene chalengeza ntchito. Ndiye wina akakuimbirani kuti ndi ejenti, ali ndi malo ku NHS, mungotumiza mamiliyoni awiri, dziwani kuti malamulo a ku Britain salola ejenti kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito, ndipo chikalata chokuitanani kuti mupeze viza chimachokera kwa bwana wokulembaniyo, sichigulitsidwa.