Zosunga za WhatsApp Zikadzaza Malo pa Google

Kwa zaka zingapo, mauthenga a WhatsApp osungidwa ku Google Drive sankadya malo a mwini foni ya Android. Zinasintha chakumayambiriro kwa 2024. Tsopano amawerengeredwa m'magigabaiti 15 aulere, omwe Gmail, Google Photos ndi Google Drive amagawana.

Mauthenga olembedwa salemera kwenikweni. Odya malo ndi makanema. Titenge mayi amene ali m'gulu la kwaya ndi la pabanja, ndipo amalandira makanema asanu patsiku, aliwonse a megabaiti 10. Pamwezi ndi gigabaiti imodzi ndi theka. Akatsegula Include videos, malo onse atha m'miyezi khumi, tisanawerengere n'komwe zithunzi za pachinkhoswe.

Malo akadzaza, macheza amayendabe bwinobwino, n'chifukwa chake ambiri sazindikira. Chimene chimaima ndi kusunga kwatsopano. Foni ikabedwa lero, mwini wake adzabwezeretsa mauthenga ofika pa tsiku limene kusungako kunatheka komaliza. Choipa koposa chimagwera Gmail: makalata satuluka, ndipo obwera amabwerera kwa owatumiza, ngakhale kalata yoitanira ku ntchito.

Tsikulo ndi kukula kwa zosungidwazo zimaoneka pa Settings > Chats > Chat backup. Likakhala la kale pamene foni imasunga tsiku lililonse, pali vuto. Kutseka Include videos kumapeputsa katunduyo, koma makanemawo sadzabweranso pafoni yatsopano. Wowafuna awasamutsire pakompyuta, kapena alipire malo owonjezera a Google One.