Kukana m'Chifalansa: khutu likhale pa mawu achiwiri

Amene anaphunzirapo Chifalansa kusekondale amakumbukira lamulo la kukana: mneni pakati, *ne* kutsogolo, *pas* kumbuyo. *Je ne fume pas*, sindisuta. Lamuloli ndi loona, koma limapangitsa wophunzira kuganiza kuti mphamvu ya kukana ili mu *ne*. Masiku ano ntchitoyo imagwiridwa ndi mawu achiwiriwo.

Mukachotsa *pas* n'kuikapo mawu ena, tanthauzo limasintha. *Je ne fume jamais* ndi munthu amene sasuta n'komwe. *Je ne fume plus* ankasuta koma analeka. *Je ne fume rien* sasuta kalikonse, kaya fodya kaya china. Mawuwa amalowa m'malo mwa *pas*, sakhalira naye limodzi. Koma okhaokha amagwirizana bwinobwino, mpaka atatu m'chiganizo chimodzi: *il ne dit plus jamais rien*, kutanthauza kuti masiku ano sanenanso kanthu ngakhale pang'ono.

Povuta ndi pa nthawi yakale, pamene mneni amabwera m'zigawo ziwiri. *Rien*, *jamais* ndi *plus* amalowa pakati pa zigawozo: *je n'ai rien vu*, sindinaone kanthu. Koma *personne* amakana kulowa pakati, amapita kumapeto: *je n'ai vu personne*, sindinaone munthu. Ophunzira ambiri amalemba *je n'ai personne vu* poganiza kuti lamulo ndi limodzi, ndipo amalakwa.

Nanga Afalansa anafika bwanji pokana ndi mawu awiri? Kalekale *ne* ankakana yekha. Pofuna kutsindika, anthu ankawonjezera dzina la kanthu kakang'ono: sindiyenda ngakhale phazi limodzi, sindimwa ngakhale dontho, sindidya ngakhale nyenyeswa. *Pas* ndiye phazi loponyedwa poyenda lija, ndipo *rien* anachokera ku mawu achilatini otanthauza chinthu. Mawu otsindikawa atazoloweredwa, anthu anayamba kumva kukana mwa iwo, *ne* n'kutsala wopanda ntchito yeniyeni. Katswiri wa zilankhulo wa ku Denimaki, Otto Jespersen, anafotokoza za kusintha kotereku mu 1917.

Choncho polankhula *ne* amangogwa. William Ashby anajambula mawu a anthu a mumzinda wa Tours mu 1976, ndipo anapeza kuti *ne* ankamveka m'ziganizo zokana pafupifupi 37 pa 100 zilizonse. Atabwererako mu 1995 anapeza kuti zatsika kufika pa 18. Ku Montréal, m'dziko la Kanada, kumva *ne* pocheza n'kwapatalipatali. Si ulesi kapena kusaphunzira ayi: maloya ndi aphunzitsi omwe amamusiya akamacheza. *Je ne sais pas* amasanduka *je sais pas*, ndipo pakamwa pothamanga mumangomva ngati "shepa". Wophunzira amene akudikira *ne* kuti adziwe kuti mnzake wakana amatsala m'mbuyo.

Apa m'pamene *plus* amavutira, chifukwa mawu omwewa amatanthauzanso "zambiri". Tiyerekeze kuti muli pagome ku Paris, mwininyumba akugawa mpunga, mwana wake n'kunena kuti *j'en veux plus*. Papepala chiganizochi chili pawiri: akufuna wina, kapena sakufunanso. *Ne* akanakhalapo akanathetsa nkhani, koma palibe. Chimene chimasiyanitsa ndi katchulidwe. Mukamva *s* kumapeto, mwanayo akupempha kuti amuwonjezere. *S* akapanda kumveka, wakhuta. Chimodzimodzi *il y a plus de pain*: *s* akamveka buledi wachuluka, akapanda kumveka buledi watha. N'chifukwa chake polemberana mauthenga pafoni ena amalemba *plu* akamakana, kuti mnzawo asasokonezeke.

Pali msampha winanso wotembenuka, pamene *ne* alipo koma palibe kukana. *Je n'ai que dix euros* sakutanthauza kuti ndilibe ndalama. Ndili nazo, koma mayuro 10 okha. Woyang'ana *ne* yekha apa amamva zosiyana ndi zimene zanenedwa.

Kumbali yanga, sindigwirizana ndi aphunzitsi amene amabisira ophunzira zonsezi poopa kuti azilemba molakwika. Malire ake si ovuta kuphunzitsa. M'mayeso, m'kalata yofunsira ntchito, m'lipoti, *ne* alembedwe nthawi zonse, pakuti kumusiya kumaoneka ngati kulakwitsa. Polankhula pamsonkhano kapena ndi munthu amene mukumupatsa ulemu, kumutchula n'kwabwino. Pocheza mukhoza kumusiya, koma musayerekeze kusiya winayo: *je sais pas* aliyense amva, pamene *je ne sais* ndi Chifalansa cha m'mabuku, chololedwa ndi aneni ochepa chabe monga *savoir*, *pouvoir*, *oser* ndi *cesser*.