Manambala akachoka papepala, chiwonkhetso ndicho mboni

Kompyuta imatha kuwerenga chithunzi cha pepala n'kutulutsa mawu ndi manambala amene munthu angathe kuwakonza. Njirayi imatchedwa OCR. Ikalakwitsa mawu, diso limaona msanga, chifukwa "chimamga" si Chichewa. Koma ikawerenga 3 ngati 8, palibe chimene chimaoneka chachilendo, pakuti nambala yolakwika imaoneka yabwinobwino ngati inzake. Chotithandiza n'chakuti osindikiza matebulo ambiri amaika chiwonkhetso kumapeto kwa mzere wopingasa komanso pansi pa mzere wotsika.

Titenge kalembera wa anthu wa mu 2018 m'Malawi. Lipoti lake limati Chigawo cha Kumpoto chinali ndi anthu 2,289,780, Chapakati 7,523,340, Chakumwera 7,750,629, ndipo onse pamodzi anali 17,563,749. Tiyerekeze kuti mwajambula tsambalo ndi foni, kompyuta yakupatsani manambala, inu mwawonkhetsa zigawo zitatuzo n'kupeza 17,568,749. Zapitirira ndi 5,000.

Kusiyana kumeneku n'kumene kukuuzeni kofufuza. Popeza ndi 5,000 ndendende, cholakwika chili pamalo a masauzande, ndipo nambala imodzi yakwera ndi 5. Mukayang'ana pamalo amenewo mupeza kuti kompyuta yalemba 7,528,340 pa Chigawo Chapakati. Inki ikafalikira pang'ono, mipata ya 3 imatsekeka n'kuoneka ngati 8. Zimachitikanso pakati pa 1 ndi 7, 5 ndi 6, kapena 6 ndi 8.

Tebulo lokhala ndi ziwonkhetso mbali zonse ziwiri limachita kukulozerani malo enieni. Tinene kuti kalata ya kopaletivu ikuonetsa matumba a chimanga amene anagulidwa pamisika iwiri mu Epulo, Meyi ndi Juni. Msika woyamba: 120, 135, 98, onse 353. Msika wachiwiri: 87, 160, 143, onse 390. Pansi pa miyezi pasindikizidwa 207, 295 ndi 241. Ngati kompyuta yawerenga 160 ngati 180, mzere wa msika wachiwiri upereka 410 m'malo mwa 390, ndipo mwezi wa Meyi upereka 315 m'malo mwa 295. Yonse iwiri yapitirira ndi 20. Pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pamene pali nambala yolakwika, ndipo zisanu zinazo simufunika kuzikayikira. Patebulo la manambala 600 zimenezi zimapulumutsa tsiku lathunthu.

Nanga mzere wopingasa ukakana koma mizere yonse ya miyezi ikugwirizana? Pamenepo kayikirani chiwonkhetso chenichenicho, chifukwa nachonso chinadutsa m'maso a kompyuta omwewo.

Ntchitoyi imayenda bwino mu Excel. Chiwonkhetso chosindikizidwa chisiyeni mmene chilili, ndipo pambali pake lembani:

```
=SUM(B2:D2)-E2
```

Pamene patuluka 0 zagwirizana. Ambiri amafufuta chiwonkhetso cha papepala n'kuikapo chowerengera okha, ati kuti tebulo lioneke laukhondo. Kumeneko n'kuthamangitsa mboni mlandu usanayambe. Dziwaninso kuti kompyuta ikaika chilembo O m'malo mwa 0, Excel imaitenga nambala yonseyo ngati mawu ndipo `SUM` imangoidumpha mwakachetechete. Mukaona kuti kupereweraku kukufanana ndi nambala imodzi yathunthu ya mumzeremo, vuto lake ndi limenelo.

Sikuti kusiyana kulikonse ndi vuto la kompyuta. Matebulo olembedwa m'masauzande kapena m'maperesenti amakhala ndi manambala ofupikitsidwa, motero chiwonkhetso chingasiyane ndi 1 kapena 2 ngakhale zonse zawerengedwa bwino. Nthawi zina wosindikizayo ndiye analakwitsa. N'chifukwa chake si bwino kungochotsera n'kulemba nambala imene ikugwirizanitsa zinthu. Bwererani kuchithunzi, chikulitseni, muone ndi maso anu. Ngati pepala lenilenilo ndi limene silikugwirizana, lembani mmene lilili ndipo muikepo chizindikiro.

Kugwirizana nakonso kuli ndi malire. Zolakwika ziwiri mumzere umodzi, china chokweza ndi 5 china chotsitsa ndi 5, zimabisana, ndipo zimagwidwa pokhapokha mwayesanso mizere yotsika. Ndiye pali vuto limene masamu saliona n'komwe: maina a misika akasinthana malo, manambala onse agwirizana koma matumba a uyu alembedwa pa uyo. Mukamaliza kuwonkhetsa, yerekezani dzina lililonse la kumanzere ndi mzere wake papepala musanatumize tebulolo kwa wina.